Wachibale Wina Wosaphunzira

Imelo imeneyo ikadali m'foni mwanga. Ndasintha mafoni awiri chiilembereni, koma imelo siili ngati kalata ya papepala yoti chiswe chingakuthandize kuitaya. Nthawi zina ndikamafunafuna zina ndimakumana nayo, ndipo ndimaidumpha msanga ngati ndaponda khala la moto.

Ndinali m'chaka chachiwiri ku yunivesite, mumzinda wa Blantyre. Kwathu ndi ku esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumalayini, m'nyumba za antchito zogundizana zija zoti mnzako akayetsemula iwe umamva. Amayi amatchola tiyi. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale, ndipo m'nyumbamo tinakhalabe chifukwa amayi analembedwa ntchito yokhazikika. Ntchito itatha, nyumba nayo ikanatha. Anzanga kusukulu akandifunsa, ndinkangoti, "Amayi amagwira ku esiteti," n'kusiyira pomwepo, kuti eniake aziganiza za ofesi ndi mpando wozungulira. Mumtima ndinkati sindinaname.

Mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho, mvula ili pachimake, ndinapita kwathu Lachisanu kukatenga ufa komanso kukawerenga pamalo opanda phokoso. Lachiwiri lotsatira tinali ndi mayeso a kemisitiri, aja a pakati pa semesita amene malikisi ake amaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza. Phunziro limeneli linkandizunza kale. Ndinkadziwa kuti ndikapeza ziro pamenepa, mayeso omaliza okha sakanandipulumutsa, ndipo ndikanabwereza phunzirolo anzanga akupita patsogolo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka mutu unayamba kuwawa, ndinati ndi kuwerenga. Lamulungu m'mawa ndinayamba kusanza ndi kunjenjemera, ndipo akuti pofika masana ndinkabwebweta, osazindikiranso munthu. Za tsiku limenelo ndimakumbukira fungo la chitenje cha amayi basi, chifukwa akuti anandibereka kumbuyo, ine chimtsikana chonsechi, kutsika nane njira yoterera ya pakati pa minda mpaka ku kiliniki ya esiteti.

Ndinatsitsimuka Lolemba madzulo m'wodi ya amayi pachipatala chachikulu, dilipu ili pamkono. Anali malungo aakulu. Amayi anali atayala chitenje pansi, pambali pa bedi langa, mapazi ali matope okhaokha. Namwino atabwera ndi jakisoni anandiitana dzina la mng'ono wanga. Ndinaganiza kuti mutu wanga sunabwererebe, ndinangomuyang'ana. Anaitananso. Apo amayi ananditsina pantchafu n'kundinong'oneza m'Chilomwe, chimene amayankhula akachita mantha, kuti ndiziyankha.

Namwino atachoka amayi anandifotokozera. Pa esiteti pathu, kiliniki ili ndi mndandanda wa antchito ndi ana awo osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ine ndinali nditachotsedwa kale pamndandandawo. Mng'ono wanga, amene nthawi imeneyo ankakhala kwa azakhali ku Goliati chifukwa cha sukulu, analipobe. Amayi ataona kuti ndikutembenuza maso, anaopa kuti akafika nane andibweza, ndipo ambulasi ya esiteti sindikwera. Anatenga buku la kuchipatala la mng'ono wanga. Timafanana, ndipo ine ndine wochepa thupi. Kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu inalembedwa m'dzina limenelo, kaundula wa m'wodi chimodzimodzi.

"Bola uli moyo," anatero amayi. "Dzina silimwa mankhwala."

Ndinaseka, ngakhale m'nthiti munkawawa. Sindinaganize n'komwe za mayeso mpaka Lachitatu, pamene ndinafunsa kuti lero ndi lachingati.

Ananditulutsa Lachinayi. Foni inali itazima kalekale, ndipo nditaitchaja kwa oyandikana nawo, mauthenga anangokhuthuka. Pagulu la kalasi yathu anthu anali atamaliza kale kudandaula za funso lachitatu. Mtsogoleri wa kalasi anandilembera pambali: "Lembera amadamu a kemisitiri imelo lero lomwe. Ikapo dzina, nambala yako ya sukulu, masiku amene unagonekedwa, ndi umboni wa kuchipatala. Tumizanso kwa mkulu wa dipatimenti. Malikisi akupereka sabata ya mawa, akapereka ndiye basi."

Kumalayini netiweki ndi ya mwayi. Kuti utumize chithunzi umayenera kukwera kumtunda, kushedi kumene amayezera tiyi. Ndinakwera pang'onopang'ono n'kukakhala pakhoma lalifupi la shediyo. Otchola anali pamzere ndi madengu awo, atavala mapulasitiki m'chiuno, kapitawo akuitana manambala pasikelo. Aliyense wodutsa ankati, "Wadzuka, mwana wa yunivesite? Mayi ako anatiopseza." Ine maso ali pafoni, kufunafuna Chingerezi chaulemu.

Imeloyo ndinailemba bwino, zimenezo sindingadzinyoze. Pamutu pake ndinaikapo dzina la phunziro ndi pempho langa. Ndinawapatsa moni amadamu, ndinadzitchula dzina ndi nambala, ndinafotokoza kuti ndinagonekedwa kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi chifukwa cha malungo aakulu, ndipo ndinapempha modzichepetsa kuti andilole kulemba mayeso ena m'malo mwa amene ndinaphonya, tsiku lililonse limene angasankhe. Zonsezo zinali zoona. Kenako ndinatsegula buku la kuchipatala lija, ndinajambula tsamba limene panali chidindo cha wodi ndi masiku, n'kudula chithunzicho mosamala kuti pasaoneke china chilichonse. Chikuto sindinajambule. Ndinkadziwa chimene ndinkachita.

Yankho linabwera Lachisanu m'mawa. Amadamu athu anali mayi wachikulire, wosakonda mawu ambiri, ndipo ankadziwika kuti amawerenga mpaka madontho. Anati pepani ndi matenda, akukhulupirira kuti ndikupezako bwino. Kenako anati tsamba limene ndatumiza lilibe dzina, choncho lingakhale la aliyense. Nditumize chikuto cha bukulo kapena lipoti la dokotala la m'dzina langa pasanafike Lachitatu, ndipo tsiku lobwera ndidzatenge mapepala enieniwo kuti akawaone a kiliniki ya pasukulu. Akaona kuti zili bwino, mayeso ndidzalemba Lachinayi.

Mutu unaima. Ndinakhala pakhoma paja mpaka dzuwa linandiwotcha, ndikuwerenga mizere inayi yomweyo.

Loweruka masana amayi ali kumunda, ndinatenga lezala. Pachikuto cha bukulo dzina linali lolembedwa ndi bolopeni yabuluu, ndipo ndinaganiza kuti ndikapala pang'onopang'ono dzina loyamba ndi chaka chobadwa, ndilembapo zanga. Dzina la bambo ndi limodzi. Ndinali nditapala zilembo ziwiri pamene chitseko chinatseguka. Mvula inali itawawerutsa msanga. Amayi anaima pakhomo, madzi akuchucha papulasitiki, akuyang'ana lezala ndi buku.

Amayi sadziwa kuwerenga, koma mayina a ana awo amawazindikira maonekedwe ake, monga momwe amazindikirira nsonga ya tiyi yoyenera kutchola.

"Ukufufuta dzina la mng'ono wako?"

"Nanga nditani?"

"Iyeyo akadwala mawa apita ndi chiyani? Ndiponso a sukulu akakugwira ndi zopalapalazi, si ndiye akuchotsa?"

Ankanena zoona, ndipo ndi chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinaponya bukulo pamphasa. Mawu amene ndinayankhula ndimawakumbukira onse, ndipo ndiwalemba monga ndinawanenera.

"Zonsezi ndi inu! Umbuli wanu wandiphera sukulu. Anthu ophunzira sachita zoterezi. Mukanangondisiya, bwenzi pano ndilibe mavuto amenewa."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, pakuti pakamwa pa amayi si pamasewera, ngakhale akapitawo amawadziwa. Sanatero. Anatola buku lija, analipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, analiika m'jumbo momwe amasungira mapepala, n'kutuluka kukavula pulasitiki panja. Lamulungu tinapita kutchalitchi limodzi, tinabwera limodzi, osayankhulana kupatula za mchere ndi madzi.

Lolemba m'mawa ndinadzidzimuka kuona dzuwa latuluka amayi akadali pakhomo. Nyengo ya mvula wotchola tiyi sajomba, ndi nthawi imene masamba amachuluka, ndipo anali atajomba kale masiku anayi chifukwa cha ine. Anali atavala chitenje cha kutchalitchi.

"Samba," anatero. "Utenge chiphaso chako cha unzika. Tikupita kwa adokotala."

Pakiliniki tinadikira pabenchi pamodzi ndi amayi a sikelo ya ana. Itakwana nthawi yathu, amayi sanakhale pampando. Anagwada pasimenti, patsogolo pa tebulo la adokotala, bambo wa imvi amene wakhala pa esiteti paja zaka zambiri. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, ngati nkhaniyo si yanga.

"Adokotala, ndabwera kudzaulula. Mwana ndinabwera naye Lamulungu lija si mwini buku ili. Ndi mkulu wakeyu, wa ku yunivesite. Ndinanama ndine, iyeyu sankadziwa kanthu, anali atakomoka. Pano kusukulu akufuna kalata ya dzina lake kuti alembe mayeso. Chilichonse mundichite ine, koma kalatayo mumulembere."

Adokotala anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Dzukani mayi, khalani pampando. Inu mumaganiza kuti munthu wokomoka tikanamubweza pageti? Mukanangonena zoona, ambulasi yomweyo ikanamutenga. Za mndandandazo tikanakambirana pambuyo."

Amayi anadzuka n'kukhala pampando. Bodza lonse lija, mantha onse aja, zinali zosafunika. Komabe amayi sanalire.

Adokotala anati kalata alemba, koma sangakonze kaundula wa kiliniki ndi buku la ambulasi mwakachetechete, chifukwa mabukuwo amasainidwa ku ofesi yoona za antchito. Ayenera kukanena. Anawafunsa amayi kawiri ngati akumvetsa tanthauzo lake.

"Ndamva," anatero amayi. "Lembani."

Analemba makalata awiri. Ina inali ya kuchipatala chachikulu, yowapempha kuti akonze dzina. Inayo inali ya kusukulu, ndipo anaiika mu envelopu, anaimata, n'kudinda chidindo pomatapo. Anati ndikaipereke chomwecho, ndisaitsegule.

Kuchokera pamenepo tinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Kuchipatala chachikulu tinazungulira maofesi atatu. Chimene chinatipulumutsa ndi namwino wa m'wodi uja, amene atationa anati, "Aa, si amayi aja ankakana kutuluka nthawi yokolopa?" Anandiyang'ana pamkono pamene panali dilipu, anayang'ana chiphaso changa, n'kutiperekeza kwa dokotala amene ankandiona. Dokotalayo anatikalipira ndithu. Anati kugwiritsa ntchito buku la wina kukhoza kuphetsa munthu, chifukwa mwini buku amadzapatsidwa mankhwala potengera matenda amene sanadwalepo. Amayi ankangoti, "Pepani, pepani," maso ali pansi. Potsiriza analemba lipoti la m'dzina langa, la masiku onse anayi, n'kudindapo chidindo, ndipo m'buku la mng'ono wanga analemba kuti tsamba lija si lake.

Lachiwiri m'mawa amayi anaitanidwa ku ofesi. Anabwerako ndi kalata ya chenjezo, chala chachikulu chili ndi inki. Anandipatsa kuti ndiwawerengere, chifukwa akuti kumeneko anawawerengera mothamanga. Inkati akadzachitanso chinyengo china chilichonse, adzachotsedwa ntchito. Ndinawamasulira liwu ndi liwu. Anayang'ana denga la nyumba, kenako anapinda kalatayo n'kuiika m'jumbo muja, momwe munalinso kalata yondiitana ku yunivesite.

"Chabwino. Iwe pita ukatumize zako, nthawi isakuthere."

Mungaganize kuti pofika apa ndinali nditaphunzira. Inenso ndikanakonda nkhaniyi ikanatero.

Ndinakweranso kushedi kuja. Ndinajambula lipoti la dokotala, lonse bwinobwino. Pamwamba pake panali mzere wonena kuti wodwalayu poyamba analembedwa m'dzina lina, choncho ndinayenera kufotokoza. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Chala chinkakana kulemba liwu loti amayi. Ndinkaona m'maganizo mwanga amadamu akuwerenga, mkulu wa dipatimenti akuwerenga, mwina akuseka pakumwa tiyi, tiyi yemweyo. Potsiriza ndinalemba m'Chingerezi chosalala kuti chisokonezo cha dzina chinachitika chifukwa ndinatengeredwa kuchipatala ndi wachibale wina wosaphunzira, amene anatenga buku lolakwika, ndipo ndikupepesa chifukwa cha kusadziwa kwake. Ndinatumiza. Pansi pa phiri, m'munda wachitatu, ndinkatha kuona duku lofiira la amayi likuyenda pakati pa mizere.

Madzulo ake tikusenda mbatata pakhonde amayi anandifunsa.

"Watumiza? Tandiwerengera, ndimve mmene mumayankhulirana ndi aphunzitsi anuwo."

Ndinatsegula foni n'kuyamba kumasulira. Nditafika pamzere uja ndinanena kuti, "Amayi anga, pofuna kundipulumutsa, anatenga buku la mng'ono wanga." Chichewa chake chinatuluka chokoma kwambiri. Amayi anagwedeza mutu.

"Walemba bwino. Asakulange iwe, wolakwa ndine."

Amadamu anayankha Lachitatu kuti ndibwere Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana, ndiyambe ndadzera ku kiliniki ya pasukulu. Ndinanyamuka m'mawa ndi kathumba ka ufa. A kiliniki anaona lipoti, anatsegula envelopu ija, anawerenga, anadindapo chidindo chawo n'kundibwezera zonse atazimanga ndi pini kuti ndikapereke. Ndinali wothamanga komanso wamantha ndi mayeso, moti sindinaiwerenge kalatayo ngakhale inali yotsegula m'manja mwanga.

Mu ofesi ya amadamu munali katebulo pakona, pepala la mafunso litatembenuzidwa kale. Anandiuza ndikhale. Anawerenga lipoti, kenako kalata ya adokotala a ku esiteti. Anaiwerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwake. Kenako anatembenukira pakompyuta, ndipo ndinaona imelo yanga ili pagalasi.

M'kalasi sankayankhula Chichewa, koma tsiku limenelo anayankhula.

"Kalata iyi ikuti anakubereka kumbuyo mpaka ku kiliniki ndi mayi ako, otchola tiyi. Ikuti anabwera okha kudzaulula, akudziwa kuti akhoza kutaya ntchito, kuti iwe ulembe mayeso anga. Imelo yako ikuti wachibale wina wosaphunzira." Anaika pepala patebulo. "Ndikhulupirire iti?"

Sindinayambe ndachitapo manyazi otero, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzachitanso. Nkhope inatentha kuposa malungo aja. Ndinkafuna simenti itseguke. Ndinayang'ana nsapato zanga, zimene zinali ndi dothi lofiira la kwathu m'mphepete ngakhale ndinazipukuta m'minibasi.

"Ya adokotala, madamu."

Sanandilalikire. Mwina akanandilalikira ndikanapeza pokwiyira. Anangoti, "Mako ndi mako," osamaliza n'komwe mwambiwo, n'kuyang'ana wotchi. "Uli ndi ola limodzi. Mafunso ndi ena, si amene analemba anzako. Yamba."

Ndinalemba misozi ikugwera papepala, ndikuipukuta ndi mkono kuti inki isafalikire. Sindinakhoze bwino, koma ndinapeza malikisi okwanira, ndipo kumapeto kwa semesita phunzirolo ndinadutsa mopulumukira pakamwa pa mkango. Amadamu sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka ndinamaliza sukulu. Tikakumana pakhonde ankangoti, "Kunyumba ali bwanji?" ndipo ine ndinkadziwa amene akufunsidwa.

Tsiku lomwelo nditatuluka mu ofesi muja ndinaimba foni kwa oyandikana nawo, kuti akawapatse amayi akaweruka. Amayi anandiimbira dzuwa likulowa, akupuma mothamanga chifukwa anali atakwera kushedi kufuna netiweki.

"Walemba?"

"Ndalemba, amayi."

"Anakhulupirira?"

"Anakhulupirira."

"Ambuye alemekezeke. Sanandinyoze aphunzitsi akowo? Sananene kuti mayi ako ndi mbuli?"

Ndinaima pansi pa mtengo, anzanga akudutsa ndi mabuku awo. Apa ndi pamene ndikanaulula.

"Ayi amayi. Iwo sananene."

"Ndi munthu wabwino ameneyo," anatero. "Usaiwale kumwa madzi ambiri."

Amayi anagwirabe ntchito pa esiteti paja, akuyenda mosamala ngati munthu wosenza mazira, chifukwa cha kalata ya chenjezo ija. Mpaka lero alendo akabwera amakonda kufotokoza nkhaniyi moseka, mmene ananditsinira m'wodi ndi mmene anagwadira kwa adokotala pachabe. Akafika kumapeto amandiloza monyadira n'kunena kuti, "Ndiye uyu analembera aphunzitsi ake pafoni, m'Chingerezi, kuti amayi anga anandipulumutsa." Alendo amandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo ine ndimadzuka kukaona ngati madzi a tiyi awira.